Chida chikamakana kudzuka: mafunso ndi mayankho pa zomwe zimachitika kuchipatala

Mafunsowa ndi omwe abambo a kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota amafunsa kawirikawiri, ena monong'ona pakhonde la chipatala, ena kudzera mwa mnzawo. Tawasanja kuyambira pa a munthu amene sanapitebe mpaka pa a munthu amene wagwira kale pepala la zotsatira za magazi.

Ndi liti pamene munthu ayenera kupita kuchipatala?

Kulephera kamodzi kapena kawiri si matenda. Mwamuna aliyense zimamuchitikira atatopa, ataledzera, kapena atagona ndi nkhawa ya ngongole. Achipatala amayamba kulitenga ngati vuto chida chikamakana kudzuka, kapena chikamadzuka koma n'kugwa ntchito isanathe, mobwerezabwereza kwa miyezi itatu kapena kuposerapo.

Koma musadikire miyezi itatuyo ngati vutoli layamba mutavulala msana kapena m'chiuno, mutachitidwa opaleshoni, mutangoyamba mankhwala atsopano, kapena ngati likubwera pamodzi ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kapena kupweteka pachifuwa mukamayenda mofulumira.

Ndipite kuti, ndipo ndinene chiyani pofika?

Yambani pomwe mumapita mukadwala malungo. Chipatala chaching'ono cha kwanuko chikhoza kukuyezani kuthamanga kwa magazi ndi kukutumizani kutsogolo. Chipatala cha boma cha Salima ndi cha Nkhotakota zili ndi labu, ndipo thandizo ndi laulere. Zipatala za mishoni monga St Anne's ku Nkhotakota zimalipiritsa. Zimene zakanika paboma zimatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Pamzere kapena polembetsa palibe chifukwa chofotokozera nkhani yonse. Ingonenani kuti muli ndi vuto lachinsinsi lomwe mukufuna kuuza adokotala. Mukalowa m'chipinda n'kupeza muli anthu ena, kapena chitseko chili chotsegula, pemphani kuti mulankhule muli awiri. Ndi ufulu wanu. Mukhozanso kupempha kuonedwa ndi wachipatala wamwamuna ngati alipo tsikulo.

Mukakhala pansi, nenani msanga. Ambiri amayamba ndi msana, kenako mawondo, kenako “thupi langofooka”, ndipo nkhani yeniyeni amaitchula ataimirira, dzanja lili kale pachitseko, panja pali anthu makumi asanu akudikira. Pamenepo adokotala amakhala atalemba kale panado. Mawu ochepa akwanira: “Adokotala, kuchipinda zinthu sizikuyenda. Chida sichikudzuka.” Nthabwala zoti uje anagwa mumpapaya zimathera kumsika, m'chipindamo palibe amene adzakusekeni.

Nditenge chiyani?

Tengani buku lanu la kuchipatala, ngakhale lakale long'ambika, chifukwa muli mbiri ya kuthamanga kwa magazi anu ndi mankhwala omwe munalandirapo. Tenganinso mankhwala onse omwe mukumwa ali m'mapaketi awo: a kuchipatala, ogula kugolosale, ngakhalenso gondolosi, timabotolo ta zitsamba ndi timapilisi togula kwa anyamata a pamsika. Musawabise. Zina mwa zinthu zogulitsidwa ngati zitsamba zimakhala zosakaniza ndi mankhwala achizungu osalembedwa pachikuto, ndipo adokotala ayenera kudziwa zomwe zili kale m'thupi mwanu.

Ngati n'kotheka pitani m'mamawa musanadye kapena kumwa tiyi wa shuga. Madzi mukhoza kumwa. Chifukwa chake chili pa funso la kuyeza magazi. Amene muli kale pa mankhwala a shuga, makamaka jekeseni, musadzisalitse chakudya musanafunse achipatala.

Adokotala adzandifunsa chiyani?

Gawo ili ndi lomwe limatenga nthawi, ndipo nthawi zambiri yankho la vuto limapezeka pano magazi asanatengedwe n'komwe. Kuti chida chidzuke pamafunika zinthu zinayi: maganizo akhale omasuka, mitsempha yonyamula uthenga kuchokera ku ubongo ndi kumsana ikhale yabwino, mitsempha ya magazi itseguke kuti magazi adzaze chidacho, komanso mahomoni achimuna, timadzi ta m'thupi tobweretsa chilakolako, akhale okwanira. Funso lililonse likufufuza kuti mwa zinayizi chavuta ndi chiti.

Adzafuna kudziwa kaye ngati vuto ndi kudzukako. Abambo ambiri akati mphamvu zatha amatanthauza zosiyana: wina chida sichilimba, wina chimalimba koma amathira msanga, wina alibe chilakolako, winanso akudandaula kuti mkazi sakutenga pakati. Mavuto anayiwa ali ndi njira zosiyana, choncho musadabwe akamakufunsani mwatsatanetsatane.

Kenako adzafunsa mmene zinayambira. Kodi zinangochitika tsiku limodzi, kapena mphamvu zakhala zikuchepa pang'onopang'ono kwa chaka kapena ziwiri? Vuto lobwera mwadzidzidzi kawirikawiri limachokera m'maganizo kapena ku mankhwala atsopano. Lobwera mwakachetechete limaloza ku mitsempha ya magazi ndi shuga.

Adzafunsanso za matenda omwe muli nawo, fodya, mowa, chamba, kagonedwe, kakodzedwe, opaleshoni ndi ngozi zakale, matenda opatsirana pogonana, ndi mmene mukukhalira ndi mayi akunyumba. Pa mowa nenani zoona. “Ndimangolawa” si yankho lothandiza. Nenani kuti mabotolo angati a kachasu kapena mapaketi angati a chibuku pa sabata. Pali funso lina lomwe limaoneka ngati lapambali: kodi mukhoza kuyenda ndawala mtunda wa kilomita imodzi ndi theka, kapena kukwera chitunda, osabanika kapena kumva kupweteka pachifuwa? Akufuna aone ngati mtima wanu ungapirire ntchito ya kuchipinda komanso mankhwala ake.

N'chifukwa chiyani amalimbikira kufunsa ngati chimadzuka m'mawa?

Mwamuna wathanzi chida chimadzuka chokha kangapo usiku ali m'tulo, iye osadziwa, ndipo kudzuka komaliza ndi komwe amakupeza pogalamuka. Kudzuka kumeneku sikudalira mkazi, mantha kapena manyazi. Ngati m'mawa chikulimba bwinobwino koma chikukana mukakhala ndi mnzanu, kawirikawiri ndiye kuti mitsempha ndi magazi zikugwira ntchito, ndipo chotchinga chili m'maganizo kapena pakati pa awirinu. Ngati ndi m'mawa momwe chinasiya, adokotala amayang'ana kwambiri m'thupi.

N'chifukwa chakenso amafunsa ngati chimadzuka mukadzigwira nokha, kapena ngati vutoli limachitika ndi mkazi mmodzi yekha, mwachitsanzo pamitala. Sakufuna kukuweruzani. Ena akaona kuti kwina zikutheka koma kunyumba ayi amathamangira kunena kuti anawamanga. Chomwe chimachitika n'chakuti munthu akalephera kamodzi, ulendo wotsatira amalowa m'chipinda ali ndi mantha, ndipo mantha amatulutsa m'thupi timadzi tomwe timafinya mitsempha ya magazi ya kuchida. Akalepheranso mantha amakula, basi nkhani n'kumangozungulira pomwepo. Ndipo zimatheka munthu kukhala ndi zonse ziwiri: shuga wayambitsa, mantha n'kumalizitsa.

Kodi mankhwala omwe ndikumwa kale angakhale ndiwo achititsa?

Inde, ena. Odziwika kwambiri ndi ena a kuthamanga kwa magazi, monga kapilisi kokodzetsa komwe m'buku amalemba kuti HCT, komanso puropuranololo ndi atenololo. Palinso amitiriputilini ndi fuluwokisetini, mankhwala ena a matenda a maganizo monga halopelidolo, ndi simetidini wa zilonda za m'mimba. Ngati vuto linayamba masabata ochepa mutayamba amodzi mwa amenewa, nenani.

Chomwe simuyenera kuchita ndi kusiya nokha. Taonapo abambo amene anataya mapilisi a kuthamanga kwa magazi chifukwa cha nkhaniyi, osauza munthu, n'kudzabwera atachita sitoroko. Mankhwala a matendawa alipo a mitundu ingapo, ndipo adokotala akhoza kukusinthirani ena osavuta kuchipinda. Dziwaninso kuti kuthamanga kwa magazi kosalandira mankhwala nakonso kumawononga mitsempha ya kuchida.

Kodi adzandivula? Amayeza chiyani m'thupi?

Amayamba ndi zomwe mumazidziwa kale: kuthamanga kwa magazi, kugunda kwa mtima, sikelo, ndipo ena amazunguliza tepi pamimba. Kuthamanga kwa magazi kofika 140/90 kapena kuposa kumafunika kuyezanso tsiku lina asanagamule. Mimba yopitirira masentimita 94 mwa mwamuna ndi chenjezo, ndipo ikadutsa 102 chiopsezo cha shuga ndi mtima chimakhala chachikulu. Akhozanso kukugwirani kumapazi, kumva ngati magazi akugunda komanso ngati mukumva kukhudza. Shuga akayamba kuwononga mitsempha yonyamula uthenga, kawirikawiri dzanzi limayambira kuzala za kumapazi.

Kenako, mukalola, adzakupemphani kutsitsa buluku kuseri kwa nsalu yotchinga. Zimatenga mphindi ziwiri kapena zitatu, atavala magolovesi. Amaona ngati pali zilonda, mafinya, kapena khungu lakutsogolo lomwe lathina ndi kung'aluka, zomwe zimaoneka kawirikawiri mwa odwala shuga osadulidwa. Amapapasa chida kufuna kumva ngati muli kachotupa kolimba mkati komwe kamachipinditsa chikadzuka. Amagwiranso machende kuona kukula ndi kulimba kwake, poti machende aang'ono ofewa, kuchepa kwa ndevu ndi kukula kwa mabere zimaloza ku mahomoni.

Palibe amene adzakuuzeni kuti mudzutse chida pamaso pake. Ambiri amaopa zimenezi, koma sizichitika.

Nanga zoti amapisa chala kumbuyo?

Si aliyense. Amachita zimenezi makamaka kwa bambo wa zaka 50 kupita m'tsogolo, kapena amene akuvutika pokodza: mkodzo wotuluka mofooka, wodukaduka, kapena kudzuka kangapo usiku. Akufuna kumva pulositeti, kachiwalo komwe kali pansi pa chikhodzodzo. Mumagona cham'mbali mutapinda mawondo, amapaka mafuta pagolovesi, ndipo sizikwana mphindi. Zimasowetsa mtendere koma siziyenera kupweteka kwambiri. Muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chake komanso wokana.

Magazi amayeza chiyani?

Woyamba ndi shuga, ndipo ngati pali kuyeza kumodzi komwe simuyenera kubwerera kunyumba musanachite, ndi kumeneku. Amabaya chala n'kudontheza magazi pa kapepala ka makina, zotsatira n'kutuluka nthawi yomweyo. Mukakhala kuti simunadye kwa maola 8, shuga wofika 7.0 mmol/L kapena kuposa amaloza ku matenda a shuga. Mukakhala mutadya, malire ake ndi 11.1. Makina ena amawerenga mwa mtundu wina, ndipo manambala omwewa amaoneka ngati 126 ndi 200 mg/dL, choncho musadzidzimuke mukaona nambala yaikulu musanaone zilembo zotsatira. Kawirikawiri amabwereza tsiku lina kuti atsimikize. Pomwe zipangizo zilipo pali kuyeza kotchedwa HbA1c, komwe kumaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Kumeneku sikufuna kusala chakudya, ndipo malire ake ndi 6.5 pa 100.

Pambuyo pa shuga, malinga ndi zomwe apeza pokufunsani, akhoza kutenga magazi a pamkono kuti aone mafuta a m'magazi, kagwiridwe ntchito ka impso, ndi kuchuluka kwa magazi m'thupi. Adzakupemphaninso kuyezetsa HIV ngati papita nthawi, ndi chindoko ngati pali chifukwa. Mkodzo nawo amauyeza. Kuno kunyanja, bambo amene amakhalira m'madzi kapena m'dimba la mpunga akanena kuti amaona magazi mumkodzo kapena mu umuna, amafufuza likodzo, poti tizilombo take timafika mpaka ku pulositeti ndi njira za umuna. Kuyeza kwa PSA n'kwa pulositeti, ndipo sikuchitika kwa aliyense.

Palibe kuyeza magazi komwe kumatulutsa nambala ya “mphamvu za abambo”. Zonsezi zikufufuza matenda omwe abisala kuseri kwa vutoli.

Ine ndabwera ndi vuto la kuchipinda, bwanji akutanganidwa ndi mtima ndi shuga?

Chifukwa mitsempha yopititsa magazi kuchida ndi yopyapyala, milimita imodzi kapena iwiri m'mimba mwake, pomwe yodyetsa mtima ndi milimita itatu kapena inayi. Shuga, fodya, mafuta ndi kuthamanga kwa magazi zikayamba kuwononga mitsempha, zimawononga thupi lonse, koma waung'ono ndiwo umayamba kuonetsa, monga ngalande yaing'ono ya kumunda imayamba kutsekeka ndi matope yaikulu ikadayenda. Mwa abambo ambiri vuto la kuchida limatsogola ndi zaka ziwiri mpaka zisanu matenda a mtima asanaonekere. Ndiye adokotala amene wakuyezani shuga ndi kuthamanga kwa magazi sanasochere. Amene wangokupatsani mapilisi osakuyezani kanthu ndi amene wakuchepetsani.

Kodi andiyeza mahomoni achimuna?

Tesitositeroni, amene ndi homoni yaikulu yachimuna, amayezedwa makamaka ngati chilakolako chatheratu, thupi likufooka, kudzuka kwa m'mawa kunasiya, kapena adokotala aona zizindikiro zomwe tatchula pa funso la kuyeza thupi. Kuyezaku sikupezeka paliponse, ndipo mukhoza kutumizidwa ku Lilongwe kapena ku labu yolipira.

Ngati mukulipira, samalani nthawi. Homoniyi imakwera m'mawa n'kumatsika dzuwa likamapendeka, choncho magazi ayenera kutengedwa isanakwane 11 koloko m'mawa, musanadye. Amene wakwera minibasi ku Nkhotakota n'kukafika ku labu 3 koloko masana atadya nsima panjira akhoza kupatsidwa nambala yotsika yabodza. Musayezetsenso mukudwala malungo kapena matenda ena otentha thupi. Nambala yoposa 12 nmol/L kawirikawiri ndi yabwino, yochepera 8 ndi yotsika, ndipo ya pakatipo imafuna kuunikanso. Ikatuluka yotsika amabwereza tsiku lina asanalembe mankhwala. Abambo ambiri a vutoli mahomoni awo amakhala abwinobwino, ndipo jekeseni wa tesitositeroni kwa munthu wosafunikira amachepetsa mbewu ya abambo mpaka kulepheretsa kubereka.

Mungapereke chitsanzo cha mmene ulendo wonse umayendera?

Tiyerekeze bambo wa zaka 54 wogula ndi kugulitsa usipa ku Senga Bay. Wafika m'mawa asanadye. Atakhala pansi akuti, “Adokotala, chaka chatha tsopano ndikungogona ngati mlongo ndi mayi akunyumba.” Pofunsidwa zikupezeka kuti zinayamba pang'onopang'ono. Poyamba chinkadzuka koma n'kugwera panjira, pano ndi m'mawa momwe kuli zii. Chilakolako chilipo. Amasuta ndudu 10 patsiku, amadzuka kanayi usiku kukakodza, ndipo amayenda ndi botolo la madzi chifukwa cha ludzu, lomwe iye ankati ndi kutentha kwa kunyanja.

Kuthamanga kwa magazi kwapezeka 158/96, mimba masentimita 104. Kuzala za kumapazi sakumva bwino. Kumaliseche kulibe chachilendo, machende ndi abwino. Shuga wa pachala watuluka 9.4 asanadye. Adokotala akumuuza kuti, “Bambo, vuto lanu likuoneka kuti likuchokera ku shuga ndi mitsempha ya magazi. Mubwerenso m'mawa wina musanadye titsimikize.” Tsiku lachiwiri shuga ndi 9.1, kuthamanga kwa magazi 154/94. Amulembetsa ku kiliniki ya matenda a mgonagona, amuyambitsa metifomini wa shuga ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi osankhidwa mosamala, atenga magazi a impso, ndipo akambirana za fodya ndi zakumwa zotsekemera. Tesitositeroni sanathamangire, poti chilakolako chilipo ndipo choyambitsa chaoneka kale. Atatsimikiza kuti samva kupweteka pachifuwa komanso sakumwa mankhwala otsutsana nawo, akambirana za mapilisi othandiza kudzuka.

Tsiku lomwelo pakhoza kubwera mnyamata wa zaka 27 wodula nzimbe ku Dwangwa, amene zinamukanika usiku umodzi ataledzera, ndipo kuyambira pamenepo zikumukanika akakhala ndi mkazi wake, koma m'mawa uliwonse chimalimba. Shuga 5.0, kuthamanga kwa magazi 118/76. Ameneyu safunika magazi ena ambiri. Amafunika kumva chifukwa chake thupi lake lili bwino, kuchepetsa mowa, ndi kukambirana ndi mkazi wake kuti kwa kanthawi azicheza m'chipinda popanda kudzikakamiza kufika kumapeto.

Ndipite ndi mkazi wanga?

Ngati mukumvana, inde, ngakhale pa ulendo wachiwiri. Amayi ambiri amaganiza kuti bambo apeza wina kapena sakuwafunanso, ndipo kumva kuchokera kwa adokotala kuti ndi shuga kumathetsa milandu yomwe ikanafika kwa ankhoswe. Komanso ndiwo amaphika, choncho malangizo a zakudya amagwira bwino akawamva okha. Ngati pali zomwe simungathe kunena iwo ali pomwepo, yambani mwalowa nokha.

Kodi ndidzatuluka ndi mapilisi tsiku lomwelo?

Mwina, mwina ayi. Mankhwala odziwika ndi silidenafilo, omwe ambiri amangowatcha vayagira, ndipo nthawi zambiri amakulemberani kuti mukagule kufamase. Mlingo woyambira kwa ambiri ndi mamiligalamu 50, pafupifupi ola limodzi musanagonane, osapitirira kamodzi patsiku. Okalamba ndi odwala impso kapena chiwindi amayamba ndi 25. Sadzutsa chida paokha popanda chilakolako ndi kusisitana, ndipo amachedwa kugwira mukadya chakudya chamafuta ambiri. Ambiri amene amati sanawathandize anamwa kamodzi kokha, atakhuta, ali ndi mowa m'mutu. Amafunika kuyesa maulendo angapo musanagamule. Mutu, kutentha kumaso ndi kutsekeka m'mphuno zimachitika ndipo zimatha zokha.

Adokotala sadzakulemberani ngati mukumwa mankhwala a kupweteka kwa mtima a gulu la naitireti, monga aisosobaidi kapena kapilisi koika pansi pa lilime, chifukwa akaphatikizana kuthamanga kwa magazi kumagwa mpaka munthu kukomoka kapena kufa. Amadikiranso ngati mwachita sitoroko kapena mtima unakugwirani posachedwa. Amene muli pa ma ARV nenani mtundu wake, poti omwe ali ndi ritonavi amachititsa silidenafilo kuchuluka m'magazi, ndipo mlingo uyenera kutsitsidwa kwambiri.

Ndi zizindikiro ziti zofunika kubwerera msanga osadikira tsiku lomwe andilembera?

Chida chikadzuka n'kukhala chosagwa kwa maola 4, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Magazi otsekeredwa mkatimo amawononga minofu, ndipo kuchedwa chifukwa cha manyazi kukhoza kupha chidacho mpaka kalekale. Chitaninso chimodzimodzi mukamva kupweteka pachifuwa pogonana, mukakomoka, kapena maso kapena makutu akasiya kugwira ntchito mwadzidzidzi mutamwa mapilisi. Pofika uzani achipatala dzina la mapilisiwo ndi ola lomwe munamwa, kuti asakupatseni mankhwala a mtima otsutsana nawo.